Malo Alipo, Koma Chigawo Chikukana Kukula

Disiki ya kompyuta imagawidwa m'zigawo, zomwe okonza makompyuta amazitchula kuti mapatishoni. Pa kompyuta ya Windows, zigawo zina zimaoneka ndi malembo monga C: ndi D:, pomwe zina zimabisika. Vuto lomwe limasautsa anthu ambiri limayamba C: ikadzaza. Mzere wake umafiira, pulogalamu zatsopano zimakana kulowa, ndipo kompyuta imayamba kuyenda mokwawa. Mwini wake akatsegula Disk Management amapeza kuti disikiyo ili ndi malo ambiri opanda ntchito, olembedwa Unallocated, pafupi penipeni ndi C:. Koma akadina batani lakumanja la mausi pa C:, mawu akuti Extend Volume amakhala otuwa, osadinika. Malo akuoneka ndi maso, koma Windows ikukana kuwapereka.

Kukanaku si kuwonongeka kwa kompyuta, ndipo nthawi zambiri si vuto la Windows. Kumachokera pa mmene chigawo chimalembedwera pa disiki. Munthu akamvetsa zimenezi amatha kuyang'ana chithunzi cha disiki yake n'kudziwiratu ngati ntchito yake ili ya masekondi ochepa chabe kapena ya maola angapo yomwe ingawonongetse mafayilo.

Chigawo ndi manambala awiri

Disiki iliyonse, kaya yozungulira ija kapena SSD, imaonekera kwa kompyuta ngati mndandanda umodzi wautali wa timagawo tofanana totchedwa masekita. Pa madisiki ambiri sekita imodzi imawerengedwa kuti ndi mabaiti 512. Masekitawa ali ndi manambala kuyambira 0 mpaka kumapeto, ndipo Disk Management ikamajambula disiki ngati mzere woyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, imakhala ikusonyeza manambala amenewa: kumanzere ndi ang'onoang'ono, kumanja ndi akuluakulu.

Pa disikiyo palibe khoma kapena mpanda wolekanitsa C: ndi D:. Chomwe chilipo ndi kaundula wamng'ono kumayambiriro kwa disiki, ndipo pa chigawo chilichonse kaundulayu amasunga mtundu wake, sekita yomwe chayambira, ndi pomwe chathera. Mwachitsanzo, pa makompyuta ambiri omwe Windows 10 inaikidwa pa disiki yopanda kanthu, chigawo choyamba chimayambira pa sekita 2,048 ndipo chimatenga 100 MB. Chimenechi ndi choyatsira kompyuta, cholembedwa EFI System Partition. Kenaka pamabwera kachigawo ka 16 MB komwe Disk Management sikaonetsa n'komwe. C: imayambira pa sekita 239,616.

Popeza kaundula ali ndi malo a poyambira pamodzi ndi pothera pamodzi basi, chigawo chiyenera kukhala chigamba chimodzi chosaduka. Palibe njira yolembera kuti C: ikuyambira apa, yaima apo, yadumpha chigawo china, n'kupitiriranso kutsidya. Malo olembedwa Unallocated nawonso si chinthu chomwe chingatengedwe n'kuthiridwa kwina ngati madzi. Ndi masekita chabe amene palibe mzere wa m'kaundula womwe ukuwatchula, ndipo ali pomwe alipo, sangasunthe. N'chifukwa chake mawu akuti kuphatikiza malo amasocheretsa. Malo opanda ntchito saphatikizidwa ndi chigawo. Chomwe chimachitika n'chakuti malire a chigawo amasunthidwa kuti awazinge.

Chifukwa chake kumanja n'kosavuta

M'kati mwa chigawo muli chinthu china chosiyana ndi chigawocho, chomwe ndi dongosolo la mafayilo. Pa C: dongosololi limakhala NTFS. Ntchito yake ndi kudziwa dzina la fayilo iliyonse ndi pomwe zidutswa zake zili. NTFS simawerenga malo ndi manambala a disiki yonse. Imasonkhanitsa masekita m'timagulu totchedwa makilasita, kawirikawiri a mabaiti 4,096, n'kuwapatsa manambala akeake kuyambira pa chiyambi cha chigawo. Sekita yoyamba ya chigawo imasunga kukula kwa kilasita, kuchuluka kwa masekita a dongosololo, ndi nambala ya kilasita pomwe pali mndandanda waukulu wa mafayilo wotchedwa MFT. Fayilo iliyonse imalembedwa mumndandandamo ndi manambala a makilasita ake, onse owerengedwa kuchokera pa chiyambi chomwecho.

Zili ngati munda womwe mwini wake anawerenga mizere kuyambira kumsewu n'kulemba m'buku kuti mtedza uli pamzere wa 40, nandolo pamzere wa 75. Akapatsidwa malo ena kumapeto kwa munda, amangolima mizere yatsopano n'kupitiriza kuwerenga, ndipo zonse za m'buku zimakhalabe zoona. Koma akapatsidwa malo kutsogolo, pakati pa msewu ndi mzere woyamba, mzere wa 1 umakhala wina, ndipo nambala iliyonse ya m'bukumo imaloza polakwika.

Pa disiki zimachitika chimodzimodzi. Kukuza chigawo chakumanja ndi ntchito ziwiri zazing'ono. Yoyamba, nambala ya pothera imasinthidwa m'kaundula. Yachiwiri, NTFS imauzidwa kuti masekita ake achuluka, ndipo imatalikitsa fayilo yake yobisika yotchedwa `$Bitmap`, yomwe imasonyeza makilasita ogwiritsidwa ntchito ndi opanda kanthu, n'kulemba kope la sekita yoyamba ija kumapeto kwatsopano. Palibe fayilo ya munthu yomwe imasuntha. N'chifukwa chake Extend Volume imatha m'masekondi ochepa, ngakhale pa C: yomwe Windows ikugwirapo ntchito nthawi yomweyo, kaya malo owonjezerawo ndi 5 GB kapena 500 GB.

Kumanzere n'kosiyana kotheratu. Munthu akangosintha nambala ya poyambira m'kaundula, kompyuta idzapita pa sekita yatsopanoyo kukafuna chiyambi cha NTFS ndipo sidzachipeza. Chigawo chidzaoneka ngati RAW, ndipo Windows idzapempha kuti chifomatidwe. Kuti chigawo chikule chakumanzere, zonse za m'kati mwake ziyenera kunyamulidwa kaye n'kukaikidwa pa chiyambi chatsopano, malo opanda ntchito n'kutsalira kumanja, kenaka n'kukuza mwa njira yosavuta ija. Disk Management ilibe luso losuntha chigawo, ndiye imangotuwitsa batani lija osafotokoza chifukwa.

Lamulo lake tsono ndi ili: Windows imakuza chigawo pokhapokha malo opanda ntchito ali kumanja kwake, mogundizana, popanda kanthu pakati, ndipo dongosolo la mafayilo lili NTFS kapena ReFS. Apa ndi pomwe ambiri ofuna kupatsa C: malo a D: amakhumudwira. Akachepetsa D: ndi Shrink Volume, chigawocho chimadulidwa kumapeto, chifukwa chiyambi chake sichingakhudzidwe, ndipo malo omasukawo amatulukira kumanja kwa D:, kutali ndi C:. Mnzakenso amene wachepetsa C: kuti awonjezere D: amapeza malo atagundizana ndi D:, koma ali kumanzere kwake, ndipo batani limakhala lotuwabe.

Kachigawo kakang'ono kotchinga njira

Vuto lofala kwambiri masiku ano limaoneka bwino pa chitsanzo chimodzi. Laputopu inali ndi SSD ya 256 GB, yomwe Windows imaiwerenga kuti 238.47 GB chifukwa opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Mwini wake wagula SSD ya 512 GB, ndipo wokonza wakopera disiki yonse yakale pa yatsopanoyo, sekita ndi sekita. Kompyuta yayaka bwinobwino, koma C: ikadali yodzaza. Mu Disk Management disiki yatsopanoyo ikuoneka ya 476.94 GB, yandandalikidwa motere kuchokera kumanzere: chigawo choyatsira cha 100 MB, C: ya 237.7 GB, kachigawo ka 650 MB kolembedwa Recovery Partition, ndipo pomalizira malo a Unallocated okwana pafupifupi 238 GB.

Munthu woyang'ana mothamanga amaona ngati malowo ali pambali pa C:, koma pakati pali kachigawo ka 650 MB kaja. Kukula kwake kulibe kanthu. Ngakhale kakanakhala ka 1 MB, kakanatchingabe, chifukwa C: singadumphe. M'kachigawoka mumakhala fayilo imodzi yofunika, `Winre.wim`, yomwe ndi Windows yaing'ono yokonzera zinthu pamene Windows yeniyeni yakana kuyaka. Kuyambira m'chaka cha 2020, Windows ikamaikidwa pa disiki yopanda kanthu imaika kachigawoka pambuyo pa C:, ndi cholinga chakuti kakadzachepa, C: idzadulidweko pang'ono kumapeto kuti kakulitsidwe. Ndi ganizo labwino kwa Windows, koma limatseka njira ya C: pa disiki iliyonse yomwe yakuzidwa.

Njira yokonzera sifuna pulogalamu yogula. Maganizo ake ndi akuti kachigawoka kachotsedwe, C: ikule, kenaka kapangidwenso kumapeto kwa disiki. Asanayambe, wokonza wosamala amakopera mafayilo ofunika pa disiki ina. Amaonanso ngati C: ndi yotsekedwa ndi BitLocker, monga zilili pa malaputopu ambiri atsopano, ndipo ngati ili yotseka amasunga kiyi yake ya manambala 48 papepala kapena pa foni. Disiki yakale ija nayonso sayifufuta mpaka ntchito yonse itatha, popeza ndiyo pothawira zinthu zikavuta.

Ntchito imayambira mu Command Prompt yotsegulidwa ndi Run as administrator:

```
reagentc /info
reagentc /disable
dir /a C:\Windows\System32\Recovery
```

Lamulo loyamba limasonyeza ngati Windows yokonzera ili yoyatsa komanso nambala ya chigawo chomwe ikukhalamo. Nambalayi ndi yofunika, chifukwa makompyuta ena ali ndi zigawo za Recovery ziwiri kapena zitatu zotsala pa kusintha kwa Windows kwa m'mbuyomu, ndipo ena ali ndi chigawo chachikulu cha magigabaiti angapo chomwe kampani yopanga laputopu inaikamo zobwezeretsera kompyuta mmene inachokera kufakitale. Chachikulu choterecho sichibwerera chikafufutidwa. Lamulo lachiwiri limazimitsa Windows yokonzera n'kusamutsira `Winre.wim` mu C:. Lachitatu ndi lotsimikizira kuti fayiloyo yafikadi. Ngati dzina lake silikuoneka pamndandanda, ntchito iyenera kuimira pomwepo, chifukwa kufufuta kachigawo kaja kudzataya kope lokhalo lomwe lilipo pa kompyutayo.

Fayiloyo ikaoneka, wokonza amalowa mu `diskpart`:

```
diskpart
list disk
select disk 0
list partition
select partition 4
delete partition override
```

Manambala 0 ndi 4 ndi a chitsanzo chino chokha. Pa kompyuta ina akhoza kukhala ena, ndipo `diskpart` sifunsa kawiri: chomwe chasankhidwa ndicho chimafufutidwa. N'chifukwa chake `list partition` iyenera kuwerengedwa modekha, kuona mtundu wa Recovery ndi kukula kwa 650 MB, dzanja lisanalembe mzere womaliza. Mawu akuti `override` amafunika chifukwa Windows imateteza kachigawoka, ndipo Disk Management silola n'komwe kukafufuta. Pamndandanda wa `list disk`, nyenyezi pansi pa Gpt imasonyeza kuti disikiyo ili ndi kaundula wa mtundu watsopano, zomwe zikhala zofunika posachedwapa.

Tsopano malo opanda ntchito agundizana ndi C:. Chigawocho chimakuzidwa mpaka kumapeto, kenaka chimadulidwako 1,024 MB, momwe kachigawo kokonzera kamapangidwanso:

```
select volume c
extend
shrink desired=1024 minimum=1024
create partition primary
format quick fs=ntfs label="Windows RE tools"
set id=de94bba4-06d1-4d40-a16a-bfd50179d6ac
gpt attributes=0x8000000000000001
exit
reagentc /enable
```

Nambala yaitali ija ndi chizindikiro chomwe chimauza Windows kuti chigawochi ndi cha Recovery, ndipo mzere wotsatira umachiteteza n'kuletsa kuti chisapatsidwe lembo ngati D: kapena E:. Pa disiki ya kaundula wakale, mizere iwiriyi imalowedwa m'malo ndi `set id=27`. Lamulo lomaliza limabwezera `Winre.wim` m'nyumba yake yatsopano, ndipo `reagentc /info` iyenera kusonyeza Enabled. Pamapeto pake C: imakhala pafupifupi 475.8 GB.

Ena amalumpha ntchito yopanganso kachigawoka, n'kusiya Windows yokonzera kuti izikhala m'kati mwa C:. Zimatheka pa C: yosatseka, koma pa C: ya BitLocker lamulo la `reagentc /enable` limakana, ndipo kompyuta imatsala yopanda chodzikonzera. Komanso C: ikadzawonongeka, chokonzera chomwe chili m'kati mwake chimawonongekera limodzi. Kupatsa kachigawoka 1,024 MB m'malo mwa 650 MB kulinso ndi chifukwa. Mu Januwale 2024, Microsoft inatulutsa chigamba cha chitetezo cha Windows 10 chotchedwa KB5034441, chomwe chinkafuna malo opanda kanthu okwana 250 MB m'kachigawoka, ndipo pa makompyuta ambiri chinkalephera ndi nambala ya 0x80070643 chifukwa malowo anali ochepa. Mamegabaiti 374 owonjezera pa disiki ya 512 GB si kanthu poyerekeza ndi kudzabwerezanso ntchito yonseyi.

Pamene palibe chotchinga chooneka

Nthawi zina malo amakhala kumanja, mogundizana, koma batani limakhalabe lotuwa. Apa mtundu wa mzere womwe uli pamwamba pa malowo ndiwo umaulula chifukwa. Wakuda wolembedwa Unallocated ndi malo omasuka ndithu. Wobiriwira wolembedwa Free space ndi nkhani ina, yochokera ku kaundula wakale wotchedwa MBR.

Kaundula wa MBR anayamba m'chaka cha 1983, ndipo amakhala m'sekita yoyamba ya disiki, momwe anapatsidwa mabaiti 64 okha: mizere inayi ya mabaiti 16 uliwonse. Choncho disiki ya MBR singakhale ndi zigawo zenizeni zopitirira zinayi. Pofuna kuzemba malirewa, umodzi wa mizere inayiyo umaloledwa kukhala chigawo chosungiramo zigawo zina m'kati mwake. Ngati D: inali m'kati mwa chosungiramochi, kuifufuta kumasiya malo obiriwira, omwe akadali m'malire a chosungiramo chija. C: ili kunja, ndipo zigawo ziwiri sizingagawane sekita imodzi. Mankhwala ake ndi kudinanso pa malo obiriwirawo n'kusankha Delete Partition, zomwe zimachotsa chosungiramo n'kusandutsa malowo akuda. Izi zimatheka pokhapokha m'katimo musanatsale chigawo china chilichonse.

MBR ili ndi malire enanso. Manambala a masekita imawalemba ndi mabiti 32, kotero ndi masekita a mabaiti 512 singafike kupitirira 2,048 GB. Disiki ya 4 TB yomwe inakonzedwa ndi MBR imaoneka ndi malo pafupifupi 1,678 GB kumapeto omwe sangakhudzidwe konse: sangapangidwe chigawo, ndipo chigawo choyandikana nacho sichingakuliremo. Njira yokhayo ndi kusintha kaundula kukhala GPT, yemwe amalemba ndi mabiti 64 ndipo pa Windows amalola zigawo 128. Disk Management imasintha disiki pokhapokha zigawo zonse zitafufutidwa. Pa disiki yomwe ili ndi Windows pali lamulo la `mbr2gpt`, lomwe linabwera mu 2017 ndipo limasintha osafufuta mafayilo, koma limakana disiki yokhala ndi chosungiramo chija kapena zigawo zopitirira zitatu, ndipo pambuyo pake kompyuta iyenera kusinthidwa kuti iziyaka mwa njira ya UEFI. Kompyuta yakale yopanda UEFI sidzayakanso ikasinthidwa chotere.

Chifukwa china ndi dongosolo la mafayilo. Mafulashi ndi makadi ambiri amakhala ndi FAT32 kapena exFAT, ndipo Windows sikuza zigawo zoterezi. Pa FAT32, mndandanda wa makilasita umakhala kutsogolo kwa mafayilo ndipo kukula kwake kumakhazikitsidwa pofomata. Kuti utalike, mafayilo oyandikana nawo ayenera kusunthidwa. Pa fulashi, njira yachidule ndi kukopera mafayilo kwina, kufufuta chigawo, n'kupanga chatsopano chachikulu.

Palinso vuto lomwe limatsimikizira kuti chigawo ndi dongosolo la mafayilo ndi zinthu ziwiri. Nthawi zina ntchito yoyamba ya kukuza imatheka koma yachiwiri imalephera. Disk Management imasonyeza chigawo chachikulu, koma File Explorer imasonyezabe kukula kwakale, ndipo malo owonjezera saoneka kulikonse. Kaundula wasintha, NTFS sinamve. Mu `diskpart`, munthu akasankha chigawocho n'kulemba `extend filesystem`, NTFS imadzaza chigawo chonse. Pa Linux ntchito ziwirizi zimachitika padera poyera: `growpart` kapena `parted` imasuntha malire, kenaka `resize2fs` imakuza dongosolo la ext4, ndipo amene waiwala yachiwiriyi amadabwa kuona `df -h` ikusonyeza manambala akale.

Kusuntha chigawo ndi mtengo wake

Malo akakhala kumanzere, kapena chotchinga chikakhala chigawo chodzaza mafayilo, chotsala ndi kusuntha. Pulogalamu yaulere ya GParted imachita zimenezi, ndipo imayatsidwa kuchokera pa fulashi chifukwa chigawo sichingasunthidwe chikugwira ntchito. Palinso mapulogalamu a Windows omwe amalonjeza kuphatikiza malo osagundizana ndi kudina kamodzi. Palibe matsenga m'menemo: amasuntha zigawo zonse zomwe zili pakati, chimodzichimodzi, kenaka n'kukuza chomwe chikufunika. Batani limodzilo limabisa kukula kwa ntchito yomwe munthu akuvomereza.

Kukula kwakeko kumaoneka pa chitsanzo ichi. Hadi disiki ili ndi D: ya 400 GB, ndipo kumanzere kwake kuli malo a 50 GB omwe anadulidwa ku C:. Kuti D: iwatenge, iyenera kusunthira kumanzere ndi 50 GB. Pa liwiro la 100 MB pa sekondi, kukopera 400 GB kumatenga masekondi 4,000, kupitirira ola limodzi, ndipo popeza disiki yomweyo ndiyo ikuwerenga n'kulembanso, nthawiyi imatha kuwirikiza. Choopsa sichili pa nthawi yokha. Malo atsopano ndi malo akale akulowana pa 350 GB. Magigabaiti 50 oyamba amakopedwera pamalo opanda kanthu, ndipo mpaka apo D: yakale ikadali yonse. Kuyambira pamenepo, chilichonse chomwe chikulembedwa chikugwera pamwamba pa chiyambi cha D: yakale. Magetsi akazima pakati pa ntchito, theka la mafayilo lili pa manambala atsopano, theka lina pa manambala akale, ndipo palibe kope lathunthu kulikonse. Kubwezeretsa chigawo choterocho kumafuna kudziwa sekita yeniyeni pomwe kukopera kunaimira, ndipo ngakhale akatswiri sakhala ndi chitsimikizo.

Kumadera komwe magetsi amazima mosayembekezereka, monga zimachitikira kawirikawiri ku Malawi ndi ku Zambia, kusuntha chigawo chachikulu pa kompyuta yapatebulo yopanda batire lothandizira ndi kuika mafayilo pachiswe. Laputopu ya batire labwino, yolumikizidwa kumagetsi, ili ndi chitetezo chake. Disiki yokalamba ili ndi ngozi yakeyake, chifukwa kusuntha kumawerenga masekita omwe mwina sanakhudzidwe kwa zaka, ndipo sekita imodzi yowonongeka imatha kuimitsa ntchito pakati. N'chifukwa chake `chkdsk` iyenera kuyendetsedwa kaye, ndipo disiki yomwe ikusonyeza zizindikiro za kufooka isasunthidwe konse. Yoteroyo ndi yokopera pa ina. Kusuntha chiyambi cha chigawo chomwe muli Windows kumathanso kuchititsa kuti kompyuta ikane kuyaka mpaka itakonzedwa ndi fulashi yoikira Windows.

Pa zifukwa zimenezi, makope a mafayilo pa disiki ina amafunika munthu asanasunthe chilichonse. Koma amene ali ndi makopewo ali kale ndi njira yabwino kuposa kusuntha. Wofuna kupatsa C: malo a D: amakopera za mu D: kwina, kufufuta D:, kukuza C: ndi kuchuluka komwe akufuna, kupanga D: yatsopano m'malo otsala, n'kubwezeramo mafayilo. Amakopera mafayilo enieni okha, osati chigawo chonse ndi malo ake opanda kanthu, ndipo magetsi akazima pa sitepe iliyonse, kope lathunthu limakhalapobe. Chofunika kukumbukira n'chakuti D: yatsopano ipatsidwe lembo lomwelo, kuti mapulogalamu omwe anaikidwa m'menemo apeze mafayilo awo. Kusuntha kumakhala kwanzeru pamene chotchingacho ndi chaching'ono, monga kachigawo ka 650 MB kaja, komwe GParted imakasunthira kumapeto kwa disiki m'masekondi ochepa popanda kulowana kwa malo akale ndi atsopano; pambuyo pake `reagentc /info` imasonyeza ngati Windows ikukadziwabe pomwe kali.

Zigawo zolumikizidwa pamwamba

Pali nthawi imodzi pomwe Windows imaoneka ngati ikuphwanya lamulo lake. Pa chigawo cha mafayilo chabe monga D:, batani la Extend Volume limatha kudinika ngakhale malo ali kumanzere kapena kutali, koma pomaliza pamatuluka chenjezo lakuti disiki isinthidwa kukhala Dynamic. Munthu akavomera, chigawo sichikula. Windows imaika kaundula wina wakewake pamwamba, yemwe amalumikiza zigamba ziwiri zosiyana n'kuzionetsa ndi lembo limodzi. Chenjezoli ndi loyenera kulimvera. Microsoft inaleka kupititsa patsogolo madisiki a Dynamic, Windows ya mtundu wa Home siwatsegula, mapulogalamu ambiri okopera madisiki amavutika nawo, ndipo mu Disk Management kubwerera ku Basic kumafuna kufufuta zigawo zonse. Zigambazo zikakhala pa madisiki awiri, imodzi ikafa zonse zimatayika. Njirayi sithandizanso C:, popeza chigawo chomwe muli Windows sichiloledwa kulumikizidwa chotere.

Pa Linux ganizo lomweli linakhazikika bwino m'dzina la LVM, ndipo maseva ambiri amakonzedwa nayo kuyambira pachiyambi. LVM imadula zigawo m'tizidutswa ta 4 MB n'kusunga mndandanda wosonyeza kuti kachidutswa kalikonse ndi ka ndani. Malo opanda ntchito, kulikonse komwe ali, amapangidwa chigawo chatsopano, chimalowetsedwa m'gulu ndi `pvcreate` ndi `vgextend`, kenaka `lvextend -r` imapereka tizidutswato kwa chofuna kukula n'kukuzanso dongosolo la mafayilo nthawi yomweyo. Dongosolo la mafayilo limaona mzere umodzi wosaduka womwe watalikira kumapeto, ngakhale masekita ake enieni ali kumanzere kwa disiki kapena pa disiki ina. Pansi pa LVM, chigawo chilichonse chimakhalabe chigamba chimodzi chokhala ndi poyambira ndi pothera. LVM imathandiza pa kompyuta yomwe inaikidwa nayo pachiyambi; chigawo cha ext4 chomwe chili kale pa disiki popanda LVM chimatsata lamulo lofanana ndi la C:, ndipo chotchinga chake kawirikawiri chimakhala chigawo cha `swap`, chomwe chimazimitsidwa ndi `swapoff`, kufufutidwa, n'kupangidwanso kumapeto kwa disiki, kenaka nambala yake yatsopano ya UUID n'kulembedwa mu `/etc/fstab`.